Kalembedwe ka kanema wa kusamba m'manja: kuphunzitsa popanda kulalikira kapena kuopseza

Funso la momwe munthu angalembere kanema wa kusamba m'manja limandipeza chaka ndi chaka, makamaka kukatsala milungu iwiri kapena itatu kuti lifike tsiku la 15 Okutobala, lomwe dziko lonse lapansi lakhala likukumbukira kusamba m'manja kuyambira 2008. Munthu wapatsidwa ntchito yokonza kanema, walemba tsamba lodzaza, wawerengera anzake, anzakewo ayankha kuti "zili bwino" nkhope zili kumbali. Ndiye amanditumizira kuti ndione chalakwika. Pafupifupi nthawi zonse ndimapeza chimodzi mwa ziwiri. Mwina kanemayo wayamba ndi chiwerengero cha ana omwalira, nyimbo yachisoni ikulira pansipansi. Apo ayi muli mawu a munthu wosaoneka akuti "muyenera", "musaiwale", "ndi udindo wanu", ngati mphunzitsi wamkulu pamzere wa m'mawa. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, choncho ndalemba pano kamodzi. Chitsanzo chomwe ndigwiritse ntchito ndi kanema wa masekondi 60 wonena za bambo amene wangosintha mwana thewera, ndipo tiyenda nacho mpaka kumapeto.

1. Sankhani munthu mmodzi ndi nthawi imodzi

Nthawi zofunika kusamba m'manja n'zambiri: pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanakonze chakudya, musanadye, musanadyetse mwana, mukamina kapena kutsokomolera m'manja, mukagwira ziweto kapena zinyalala. Zonsezi n'zoona, koma mukaziika zonse mu kanema mmodzi mwapanga chikwangwani choyenda. Woonera amagwedeza mutu kasanu ndi kawiri, kanema akatha osatsala nacho chilichonse.

Tengani imodzi. Ine ndimakonda ya thewera chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti chimbudzi cha khanda n'chosaopsa, pomwe nachonso chimanyamula tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba. Pamenepo pali chinthu chatsopano choti woonera aphunzire. Lembani chiganizo chimodzi pamwamba pa pepala: "Akatha kuonera, kholo lisambe m'manja ndi sopo likangosintha thewera, lisanagwire china chilichonse." Chiganizo chimenechi sichilowa mu kanema, ntchito yake ndi kukuthandizani kudula. Mzere uliwonse wosathandiza chiganizochi uchoke.

2. Pezani chomwe chimamulepheretsa

Woonera wanu akudziwa kale kuti kusamba m'manja n'kwabwino. Anamva ali mwana. Mukayamba kumufotokozera zomwe akudziwa, ulaliki wayambira pomwepo. Choncho musanalembe, chezani ndi makolo anayi kapena asanu, ndipo musawafunse kuti "kodi mumasamba m'manja?" chifukwa aliyense adzati inde. Afunseni kuti, "Ulendo womaliza mutasintha thewera, chotsatira chinali chiyani?" Mayankho ake ndi amene mukufuna: mwana analira ndiye ndinamunyamula, foni inalira, m'manja munkaoneka moyera, ndinangotsukuluza ndi madzi chifukwa sopo anali chipinda china.

Chimodzi mwa zimenezi chikhale mdani mu nkhani yanu. Mu chitsanzo chathu mdani ndi foni yomwe ikulira pa nthawi yolakwika. Zikatero bamboyo si mbuli kapena munthu wauve, ndi munthu wotanganidwa ngati woonerayo, ndipo woonera savutika kudziona mwa iye.

3. Gawani pepala pawiri, ndipo yesani nthawi ndi wotchi

Sikiriputi ya kanema wotere, kutanthauza pepala lomwe wojambula ndi osewera amatsatira, imalembedwa m'madanga awiri. Kumanzere mulembe zomwe diso liona, kumanja zomwe khutu limva: mawu a osewera, mawu a wofotokoza amene saoneka, phokoso la madzi, nyimbo. M'mphepete muike masekondi. Yambani kudzaza danga la kumanzere lokha mpaka nkhani imveke popanda liwu ndi limodzi lomwe. Anthu ambiri amaonera makanema afupiafupi pafoni atatseka mawu, ndiye ngati uthenga wonse uli kumanja, iwowa angoona munthu akusewera ndi madzi.

Mawu a Chichewa ndi aatali. Musadalire kuwerenga kuchuluka kwa mawu, werengani mokweza pa liwiro lomwe mungalankhulire ndi mnzanu, wotchi ili m'manja. Ine ndikalankhula mosathamanga sindipitirira mawu 90 pa mphindi, ndipo kanema wabwino wa mphindi imodzi safuna ngakhale theka la amenewo.

4. Onetsani chosaoneka, koma musapitirire muyeso

Apa ndi pomwe pamavuta, ndipo malangizo ambiri amangodumphapo ndi mawu akuti "musaopseze anthu", osanena kuti nanga muchite chiyani. Vuto lake n'lakuti dzanja lomwe lanyamula tizilombo limaoneka loyera. Mukapanda kuonetsa kanthu, woonera saona chifukwa chosambira. Mukaonetsa mopitiriza, amachita mantha kapena nseru n'kusuntha chala kupita pa kanema wina.

Katswiri wa za mauthenga a zaumoyo, Kim Witte, anafotokoza m'chaka cha 1992 momwe uthenga woopseza umagwirira ntchito. Mwachidule, munthu akamva za choopsa amadzifunsa zinthu ziwiri: kodi chimenechi chingandigweredi, nanga pali chomwe ndingachite chothandizadi? Akaona kuti choopsacho n'chachikulu koma chochita chake n'chochepa mphamvu, salimbana ndi choopsacho, amalimbana ndi manthawo. Amatseka kanema, amati n'zokokomeza, kapena amati zimenezo zimagwera ena. Kwa wolemba phunziro lake n'lakuti vuto lomwe mwaonetsa lisakule kuposa zomwe sopo ndi madzi angathe kuthetsa pamaso pa woonera.

Ndinaphunzira zimenezi nditapsa nazo. Njira yodziwika yoonetsera tizilombo ndi kuika mtundu padzanja, kaya utoto, kaya ufa wonyezimira, kaya mafuta owala pa nyali yapadera, kapena kuwonjezera mtunduwo pakompyuta pokonza kanema. Mu sikiriputi yanga yoyamba bambo uja anachoka pa thewera ndi mtundu wofiirira m'manja, nagwira foni, foni inada. Anagwira chitseko, chinada. Anagwira supuni ya mwana, botolo, tsaya la mwana. Pofika sekondi ya 25 nyumba yonse inali mawangamawanga, kenako anasamba m'manja bwinobwino. Ndinkaona ngati ndalemba chinthu champhamvu. Titaonetsa zojambula zoyeserera kwa mayi wina wa ana awiri, anakhala chete pang'ono n'kunena kuti, "Ndiye kusambako kwathandiza chiyani, poti foni ija aigwiranso?" Analondola. Ndinali nditamuonetsa nyumba yomwe singayerenso, ndipo chomwe anatola n'chakuti palibe chomwe angachite.

Kuchokera pamenepo ndimatsatira lamulo ili: banga lililonse lomwe mwaika mu kanema ndi ngongole, muyenera kulichotsa kanemayo asanathe. Ngati mulibe masekondi opukutira foni, chitseko ndi supuni, musazidetse. Mu sikiriputi yachiwiri mtundu uli pansonga za zala ndi pa chala chachikulu basi. Foni ikulira, dzanja likupita, latsala pang'ono kuigwira, laima. Woonera amaona yekha chomwe chikanachitika, ndipo mtima umagunda pang'ono, koma palibe chomwe chawonongeka. Kugunda pang'ono kumeneko n'kokwanira.

Samalaninso ndi amene akuzindikira vutolo. Olemba ambiri amalowetsa mkazi wake, namwino kapena mwana wamkulu kuti anene kuti "Iii, simunasambe m'manja!" Akatero bamboyo wasanduka wolakwa wogwidwa, ndipo woonera amene anadziona mwa iye wadzudzulidwa naye limodzi. Mulekeni azindikire yekha. Ayang'ane dzanja lake, ayang'ane foni, aseke pang'ono. Munthu amene wakumbukira yekha amaoneka wanzeru, ndipo woonera amafuna kufanana naye.

Kanyansi pang'ono sikoletsedwa. Ku Ghana, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kunali uthenga wa pa wailesi yakanema woonetsa mayi akutuluka m'chimbudzi ndi banga la mtundu m'manja, lomwe linkasamukira pa chakudya cha mwana. Unadalira kunyansidwa komanso chikondi cha kholo, sunadalire maliro. Malire ndimawaika apa: mtundu woimira tizilombo ulowe, chimbudzi chenicheni chisaoneke. Tizilombo tojambulidwa ta mano ndi maso ofiira, mwana ali pabedi la chipatala, bokosi la maliro, zonsezi zisiyeni. Tizilombo ta mano timaseketsa akuluakulu n'kuopseza ana aang'ono, ndipo onsewo sitiwaphunzitsa kanthu.

Sikiriputi yachiwiri ija inatuluka chonchi:

Masekondi 0 mpaka 8. Zooneka: bambo akumata thewera latsopano, akutaya lakale m'chotayira, akugoneka mwana m'kabedi kake. Zomveka: mwana akuseka, bambo akung'ung'udza kanyimbo.

Masekondi 8 mpaka 15. Zooneka: kamera yayandikira dzanja, likuoneka loyera, kenako mtundu wofiirira ukuonekera pang'onopang'ono pansonga za zala ndi pa chala chachikulu. Wofotokoza: "Thewera la khanda nalonso limasiya tizilombo m'manja, ngakhale m'manjamo mukuoneka moyera."

Masekondi 15 mpaka 21. Zooneka: foni ikuwala patebulo, dzanja likupita, laima. Zomveka: foni ikulira. Bambo, akumwetulira: "Adikire kaye ameneyo."

Masekondi 21 mpaka 26. Zooneka: akunyowetsa manja, akupaka sopo mpaka thovu.

Masekondi 26 mpaka 46. Zooneka: kutikita manja, osadula. Za gawo ili tinena m'munsimu.

Masekondi 46 mpaka 53. Zooneka: akutsukuluza, mtundu ukupita ndi thovu, akupukuta ndi kansalu koyera.

Masekondi 53 mpaka 60. Zooneka: wanyamula mwana, mwana wagwira chala chachikulu cha bambo n'kuchilowetsa m'kamwa. Mawu olembedwa: "Mukasintha thewera: sopo, madzi, masekondi 20."

Onani kuti mwana wagonekedwa m'kabedi bambo asanapite kumpopi. Mukamusiya patebulo losinthira yekha, makolo oonera saonanso sopo, maso onse ali pa mwana kuti agwa.

5. Perekani masekondi 20 athunthu

Bungwe lolimbana ndi matenda la ku America la CDC limalangiza kutikita manja ndi sopo kwa masekondi osachepera 20. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a ogwira ntchito zachipatala, limati ntchito yonse, kuyambira kunyowetsa mpaka kuumitsa, itenge masekondi 40 mpaka 60. Ziwerengero ziwirizi sizikutsutsana, china chikuyesa kutikita kokha, china chikuyesa zonse. Sankhani chimodzi malinga ndi oonera anu, ndipo musatchule zonse ziwiri mu kanema mmodzi.

Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri n'chakuti wofotokoza akuti "masekondi 20" pomwe chithunzi chikuonetsa masekondi anayi. Wokonza kanema amaona kuti kusambako kukuchedwetsa, ndiye amadula kapena kuthamangitsa. Woonera amatsanzira zomwe waona, zomwe wamva amaziiwala. N'chifukwa chake m'sikiriputi muyenera kulemba ndi zilembo zazikulu kuti gawo limeneli lisadulidwe, lisathamangitsidwe. Inde, ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kanema wanu, ndipo mudzakangana ndi wokonzayo. Kanganani naye.

Kuti masekondiwo asatopetse, agaweni ndi kamera. Masekondi anayi zikhatho, anayi kuseri kwa manja, anayi pakati pa zala, anayi zala zazikulu, chilichonse chikuzunguliridwa ndi dzanja linalo, anayi omaliza nsonga za zala ndi zikhadabo zikukhulidwa pachikhatho. Mtundu uja uchoke mochedwa pa chala chachikulu ndi pansonga, chifukwa amenewa ndi malo omwe anthu amawalumpha kwambiri. Woonera akaona zikhatho zayera koma chala chachikulu chikadali chofiirira, waphunzira popanda womuuza. Jambulani kamera ili paphewa la wosambayo, kuti manja aoneke monga mwini wake amawaonera, kutsanzira kusavute.

Nanga khutu limve chiyani? Mu chitsanzo chathu foni ikupitiriza kulira, bambo akupitiriza kanyimbo kake, mwana akuyankha ali m'kabedi. Kulira kwa foniko kumapangitsa woonera kudikira kuti aone ngati bamboyo agonje. Wofotokoza anene mawu atatu kapena anayi okha, monga "chala chachikulu chimaiwalika". Mukafuna nyimbo, pekani yanu kapena pezani chilolezo cha mwini wake.

6. Sefani danga la kumanja

Tsopano tengani cholembera chofiira. Zungulizani "muyenera", "musaiwale", "n'zomvetsa chisoni kuti", "anthu ambiri sasamba m'manja". Womalizawu ndi woipa kuposa onse, chifukwa umauza woonera kuti kusasamba ndiye chizolowezi cha aliyense, ndiye iye adzivutitsiranji. Mzere uliwonse womwe mwazunguliza muufunse kuti: kodi ndinganene chonchi kwa mnzanga wa msinkhu wanga, maso ndi maso, iye osakwiya? Ngati ayi, usintheni ukhale mfundo kapena chochita. "Muyenera kugwiritsa ntchito sopo nthawi zonse" asanduke "Madzi okha sachotsa mafuta a pakhungu omwe tizilombo timakakamirapo, sopo ndiye amawasungunula." Woyambawo ukulamula, wachiwiriwo ukupereka chifukwa n'kumusiyira munthu kusankha.

Ganiziraninso za amene akutetezedwa. Ofufuza awiri, Adam Grant ndi David Hofmann, anayesa zikwangwani pa chipatala china ku America ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2011. Chikwangwani chonena kuti ukhondo wa m'manja umateteza odwala chinachititsa ogwira ntchito kusamba kwambiri, pomwe chonena kuti umateteza iwo eni sichinasinthe zambiri. Kafukufukuyo anali wa madokotala ndi anamwino, ndiye musamukokere patali, koma akugwirizana ndi zomwe tonse timaziona: munthu amadziyesa wolimba, koma safuna kudwalitsa amene amamukonda. Ndiye chifukwa chake kanema wathu akuthera pa chala cha bambo chili m'kamwa mwa mwana. Palibe mzere womwe ndikanalemba woposa chithunzi chimenecho, ndipo ndinayesa ingapo.

Ziwerengero za imfa ndimazichotsa zonse mu kanema wamfupi. Zili ndi malo ake mu lipoti kapena pokambirana ndi opereka ndalama. Nambala imodzi yokha yomwe woonera angaigwiritse ntchito pampopi ndi 20.

7. Tsimikizani mfundo iliyonse

Kanema wokoma wonena zabodza ndi woopsa kuposa wotopetsa. Zolakwika zomwe zimabwerezedwa n'zochepa ndipo n'zosavuta kupewa. Musanene kuti madzi akhale otentha: ozizira kapena ofunda onse amagwira ntchito, bola akhale oyera, ndipo madzi otentha moti n'kupha tizilombo angawotche khungu. Musanene kuti pakufunika sopo wapadera wopha majeremusi, sopo wamba ndi wokwanira pakhomo. Musanene kuti sopo amapha tizilombo tonse, ntchito yake yaikulu ndi kutimasula pakhungu kuti madzi atikokolole. Musalonjeze kuti wosamba m'manja sadwala, nenani kuti kumachepetsa mpata wotenga kapena kupatsira matenda.

Sanitaiza mukamutchula, akhale wa alikoholi wosachepera 60 peresenti, ndipo dziwani kuti sagwira bwino ntchito m'manja mooneka litsiro kapena mafuta, komanso pali tizilombo tina totsekula m'mimba, monga norovirus, tomwe sathana nato bwino. Mu kanema wa thewera ndimamusiya kunja kotheratu. Kuumitsa manja kuonekenso, chifukwa manja onyowa amatola ndi kusamutsa tizilombo mosavuta. Malo osambira akhale ofanana ndi omwe oonera anu ali nawo. Ngati ambiri alibe mpopi m'nyumba, onetsani madzi othiridwa kuchokera m'jagi kapena m'ndowa ya kampopi, akugwera pansi kapena m'beseni, manja osabwereranso m'madzi omwe agwiritsidwa kale ntchito. Mukamaliza, pemphani wazaumoyo awerenge sikiriputiyo, koma mumuuze kuti mukufuna akonze zolakwika. Mukapanda kutero akubwezerani ndi nthawi zisanu ndi ziwiri zija zonse atazibwezeretsamo.

8. Yesani musanajambule zenizeni

Jambulani zoyeserera ndi foni, anzanu awiri ndi chidole m'malo mwa mwana. Onetsani anthu asanu a gulu lomwe mukulifuna, mmodzimmodzi, osati ogwira nawo ntchito. Ulendo woyamba tsekani mawu. Akatha musafunse ngati wawasangalatsa. Funsani kuti chachitika n'chiyani mu kanemayu, kenako apatseni sopo akuonetseni momwe bambo uja anasambira.

Muziyang'ana zinthu zitatu. Akafotokoza nkhaniyo ndi mawu akuti "akutiuza kuti tizisamba m'manja", ulaliki ukadalimo, bwererani ku danga la kumanja mukadulenso. Akati "bambo uja anatsala pang'ono kugwira foni", nkhani yagwira. Akakwinya nkhope n'kuyang'ana kumbali pa masekondi 8 mpaka 15, mtundu wachuluka kapena ukufanana kwambiri ndi chimbudzi chenicheni, usintheni ukhale wosiyana ndi chilichonse cha m'thupi ndipo muuchepetse. Ndipo posamba paja yang'anani zala zawo zazikulu. Ngati atatu mwa asanuwo azilumpha, shoti ya chala chachikulu, kutanthauza masekondi anayi omwe kamera ikuchionetsa, yafupika kapena kamera inali patali. Iwonjezereni masekondi awiri, muwatenge pa shoti ya zikhatho, chifukwa zikhatho aliyense amatikita kale popanda womuonetsa.